Woperekeza akayamba kuzerezeka: mavuto osiya siteti mashini n'kulowa mtengo wa zochita

Vuto ili limangobwerabwera kwa amene tikupanga magemu, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi. Muli ndi munthu wa mu gemu amene ntchito yake ndi kuperekeza wosewera: amamutsatira, amamenya nawo adani, amamupatsa mankhwala, amatola zinthu, amabisala, pena kungokhala pansi n'kumacheza. Munayamba ndi siteti mashini, zinthu zinachuluka, wina anakuuzani kuti samukirani ku mtengo wa zochita, uja ena amangoti bihevya tiri. Mwasamuka, koma woperekeza uja akadazerezekabe, kungoti mwa mtundu wina.

Mtengowu unatchuka ndi Halo 2 ya 2004, makamaka Damian Isla atafotokoza pa msonkhano wa GDC mu 2005 mmene anachitira kuti zochita za adani zisawasokonekere zitachuluka. Zitsanzo zanga ndi za `Unreal Engine` chifukwa `Behavior Tree`, ndiye mtengowo, ndi `Blackboard`, bolodi losungapo zimene woperekeza akudziwa, zimabwera kale mkatimo, koma wa `Godot` amene akugwiritsa `LimboAI` kapena `Beehave` azindikira matenda omwewa, mayina okha ndi omwe asiyane.

Chimodzi chokha mugwire musanapitirire. Mu siteti mashini mutu umawawa ndi mivi yochoka siteti iyi kupita ina. Mu mtengo miviyo kulibe, koma mutuwo umasamukira pa mafunso awiri: ndani ali ndi mphamvu yodula mnzake pakati, ndipo wodulidwayo akusiya zinthu zili bwanji. Mu mtengo, `Selector` imayesa nthambi zake motsatana mpaka imodzi itheke, `Sequence` imachita zake motsatana mpaka chimodzi chilephere. Mtengo umene ndizigwiritsa ntchito ndi uwu, wapamwamba ndiye wofunika kwambiri (pa sikirini ndi wa kumanzere):

```
Selector
  1 Sequence [MoyoWatsika]  -> Move To, PatsaMankhwala
  2 Sequence [MdaniAlipo]   -> Move To, Menya
  3 Sequence [AliKutali]    -> Move To wosewera
  4 Sequence [ChinthuChili] -> Move To, Tola
  5 Wait
```

## Mukawonjezera chochita chimodzi, zitatu zakale zimathyoka

Ichi ndi chizindikiro cha amene mukadali pa siteti mashini, ndipo ndicho chimakuuzani ngati kusamuka kuli kofunikadi.

1. Mivi yachuluka. Masiteti 5 akhoza kukhala ndi mivi 20, masiteti 12 mivi 132, ndipo 20 imafika 380. Inde simujambula yonse, koma woperekeza ndi wovuta chifukwa pafupifupi chilichonse chimene akuchita chiyenera kudulidwa mdani akatulukira, wosewera akavulala kapena akalamula. Ndiye mukawonjezera siteti ya 13, tinene kutsegula chitseko, pali mivi yofika 24 yoti muiganizire, muiwala umodzi, ndipo umodziwo ndi umene woyesa gemu aupeze tsiku loyamba. Onani chonchi: fufuzani mu khodi kuti mawu ofunsa ngati mdani waoneka alembedwa kangati. Ngati ali mu masiteti oposa theka, samukani, mu mtengo funsolo limalembedwa kamodzi pa nthambi yake.
2. Siteti iliyonse ikukumbukira kumene yachokera. Mukaona timavariyebo ta siteti yapitayo tili mbwee kuti akamaliza kutola abwerere ku zimene amachita, ndiye kuti mukumanga mtengo pamanja osadziwa.
3. Masitetiwo ndi ochepa, koma khodi yake ndi yosokonekera chabe. Izi zimachitikanso ndithu. Ngati ali 4 kapena 5 ndipo sawonjezereka, musasamuke ayi, konzani omwewo. Mtengo wa nthambi zinayi sukupatsani china chilichonse kupatula ntchito yophunzira `Observer Aborts`.

## Wangoima chilili, sakuchita kanthu

Musayambe ndi kulingalira. Yatsani gemu, tsegulani mtengo uja mu edita, sankhani woperekeza wanu pa mndandanda wa pamwamba, muona njira imene ikuyenda pano ikuwala. Mukhozanso kumuloza mu gemu n'kudina batani la `'` kuti `Gameplay Debugger` ikuonetseni tasiki imene ali. Zimene muone zikulozerani chimodzi mwa izi.

1. Tasiki sinanene kuti yamaliza. Ichi ndiye chofala kuposa zonse, sindikukokomeza. Mu `Blueprint`, tasiki ikayamba pa `Receive Execute AI` iyenera kukafika pa `Finish Execute` njira ina iliyonse imene yadutsa. Anthu amalumikiza njira yoti zayenda bwino, koma pamene `Cast` yalephera kapena chinthu chofunika kulibe amasiya waya uli lendelende, ndiye mtengo umangodikira yankho lomwe silidzabwera. Mu dibaga muona nodi imodzi ikuwala osasintha. Tsatani waya uliwonse mpaka kumapeto, ndipo polephera paja ikani `Finish Execute` yosachonga `Success`. Mu `C++` ndi chimodzimodzi, mukabweza `InProgress` muyenera kudzaitana `FinishLatentTask`.
2. Palibe njira yoyendamo. `Move To` imalephera pompopompo ngati kumene akupita kuli kunja kwa malo oyendeka. Dinani `P` mu edita, malo oyendeka amaoneka obiriwira. Ngati pamene pali mankhwala kapena wosewera si pobiriwira, kulitsani `Nav Mesh Bounds Volume`. Apa mtengo suima pamodzi ayi, umathwanimathwanima, kuyesa, kulephera, kugwera pa `Wait`, kuyesanso.
3. Mtengo sunayambe n'komwe. Palibe chikuwala. Onani ngati `Run Behavior Tree` yaitanidwa, komanso `Auto Possess AI` pa woperekezayo. Ngati amabadwa gemu ili mkati koma pamenepo pakadali `Placed in World`, alibe womuyendetsa, sinthani kukhala `Placed in World or Spawned`.
4. Nthambi zonse zakana ndipo pansi palibe pogwera. Nthambi yomaliza ikhale yopanda chiletso chilichonse, ngakhale `Wait` ya sekondi imodzi.

## Wosewera akufa, iye ali bize kutola kabokosi

Apa ndi pamene anthu ochokera ku siteti mashini amakhumudwa, chifukwa anauzidwa kuti mtengo umasankha chofunika kwambiri nthawi zonse. Si choncho kwenikweni. Mtengo wa `Unreal` suyambira pamwamba furemu iliyonse, umagona pa tasiki imene ili mkati mpaka ithe kapena wina aidule. Ndiye ngati ali pa nthambi 4 akuyenda mamita 20 kukatola chinthu, moyo wa wosewera utsike bwanji iye sakudziwa.

1. `Observer Aborts` ili pa `None`. Dinani dekoleta ya `MoyoWatsika`, ndiye mlonda wa pakhomo pa nthambiyo. `Lower Priority` ikutanthauza kuti chiletsocho chikakwaniritsidwa dulani aliyense wa kumanja kwanga. `Self` ndi yoti chikasiya kukwaniritsidwa ndili mkati, ndiduleni ineyo. `Both` ndi zonse ziwiri. Ya mankhwala ikani `Lower Priority` kapena `Both`, ya mdani ikani `Both` kuti mdani akafa asapitirize kumenya mphepo.
2. Dekoleta ili pamalo olakwika. `Lower Priority` imagwira pa mwana wa `Selector`. Mukaika dekoletayo pa tasiki ya mkati mwa `Sequence`, edita ikupatsani `None` ndi `Self` zokha, ndipo anthu amakhala akusakasaka kuti inayo yapita kuti. Ikwezeni, ikhale pa `Sequence` yonseyo.
3. Dongosolo la kumanzere ndi kumanja. Timanambala ta pangodya pa nodi ndi tomwe tikunena amene ali patsogolo. Mukakoka nodi kuti chithunzi chioneke bwino mwasinthanso maganizo a woperekeza, zimenezi zinandipweteka kale ine, ndinkangokonza kuti mizere isapingasane.
4. Bolodi silikusinthidwa. Ngati `Service` imene imawerenga moyo wa wosewera mwaiika pa nthambi 1, imagwira ntchito nthambiyo ikakhala yamoyo basi, ndiye singadzutse nthambi yake yomwe. Iikeni pa `Selector` wapamwamba, kapena bwinonso, wosewera akavulala alembe yekha pa `Blackboard` nthawi yomweyo.

## Akunjenjemera, kuyamba n'kusiya, kuyamba n'kusiya

Mukakonza za pamwambazi nthawi zambiri mumagwera umu, sinanga tsopano aliyense akudula mnzake.

Choyamba kukayikira ndi malire amodzi. Tinene mwalemba kuti akatalikira masentimita 400 atsatire. Wosewera akuyenda pang'onopang'ono, mtunda wafika 401, woperekeza wanyamuka, wafika 399, wadulidwa waima, 401 wanyamukanso, ndipo pa sikirini akuoneka ngati wagwidwa ndi magetsi. Mankhwala ake ndi malire awiri otalikirana, oyambira ndi osiyira:

```cpp
const bool Kutali = BB->GetValueAsBool("AliKutali");
if (!Kutali && Mtunda > 600.f) BB->SetValueAsBool("AliKutali", true);
if ( Kutali && Mtunda < 300.f) BB->SetValueAsBool("AliKutali", false);
```

Anyamuka pa mamita 6, asiya pa mamita 3, pakatipo angopitiriza zimene amachita. Koma samalani, `Acceptable Radius` ya `Move To` ikhale yochepera 300 yo ndithu, mwina 200, chifukwa injini imawonjezerapo kukula kwa matupi a awiriwo. Ikakhala 350 afika n'kunena kuti ndafika pomwe `AliKutali` ikadali yoona, ndiye nthambi iyambanso, imalizenso pompo, ndipo nthambi za kumanja sizidzapeza mpata. Moyonso chimodzimodzi: ayambe kuchiza ukatsika pa 30, asiye ukakwera pa 60.

Chachiwiri ndi `Notify Observer`. Ikakhala `On Value Change`, dekoleta imadzuka nthawi iliyonse chosungidwacho chasintha, ndiye adani awiri akakhala pa mtunda wofanana ndipo `Service` yanu ikusankha wapafupi, nthambi imayambanso kulikonse kumene awiriwo asinthana. `On Result Change` imadzuka pokhapokha yankho lasintha kuchoka pa eya kupita pa ayi kapena kubwerera. Ndipo mdani amene wasankhidwa kale mumpatse kamwayi, watsopano alande malo pokhapokha ali pafupi ndithu, osati ndi masentimita awiri.

Chachitatu, chosowa koma chimakwiyitsa: nthambi yapamwamba imene imalephera nthawi zonse. Mankhwala atha, `MoyoWatsika` ikadali yoona, ndiye mtengo ukangoyambiranso amathamangira kwa wosewera, n'kulephera kumupatsa, n'kubwerera ku nkhondo. Wonjezerani chiletso choti mankhwala alipo pa khomo pomwepo. `Cooldown` ya masekondi angapo imathandiza, koma ikakhala yokha ndi kungophimba bala.

## Akadulidwa pakati amasiya zinthu zili zii

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene siteti mashini inali yabwino kuposa mtengo ndipo ambiri sanena. Mu siteti mashini aliyense amadziwa kuti pali polowera ndi potulukira, ndipo potuluka mumakonza m'mbuyo. Mu mtengo anthu amalemba polowera ndi pomalizira bwinobwino n'kuiwala kuti pali khomo lachitatu, lodulidwa.

Tione `PatsaMankhwala`. Ikayamba imachita zinayi: imachotsa botolo limodzi m'chikwama, imalemba `AliBize` kukhala yoona kuti malamulo a wosewera asamusokoneze, imasunga lupanga n'kuika botolo m'manja, kenako imayatsa animeshoni ya masekondi awiri. Animeshoni ikatha imawonjezera moyo, imabweza lupanga, imazimitsa `AliBize`. Tsopano dekoleta ili pa `Both`, ndipo patatha sekondi imodzi wosewera wadya chakudya chake yekha, moyo wadumpha kuchoka pa 25 kufika pa 65. Nthambi yadulidwa. Botolo lachoka m'chikwama koma palibe walimwa, `AliBize` yatsala yoyaka mpaka kalekale ndiye sakumveranso malamulo, ndipo wapita ku nthambi 2 kukamenya mdani ndi botolo. Choipitsitsa n'choti bagiyi imaoneka patapita mphindi zingapo, mukadina batani lomuitana iye osabwera, ndiye mumakafufuza ku khodi ya malamulo kumene kulibe vuto.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Palibe `Receive Abort AI`. Ilembeni: imitsani animeshoni, bwezani lupanga, zimitsani `AliBize`, kenako `Finish Abort`. Bola kukonza konseku kukhale mu fankishoni imodzi imene ikuitanidwa pa makomo onse atatu, kupambana, kulephera ndi kudulidwa, osalemba katatu.
2. `Receive Abort AI` ilipo koma `Finish Abort` mwaiwala. Mtengo umadikira kuti kudulako kuthe usanapite kwina, ndiye mwabwerera ku vuto loima chilili lija.
3. Mwachita chosabwezeka koyambirira. Botolo lichoke m'chikwama pa mphindi yomweyo imene moyo ukuwonjezeka, osati poyamba.
4. Nodi ina ndi imene inayatsa chinthucho. Ngati `SungaLupanga`, `Patsa` ndi `BwezaLupanga` ndi matasiki atatu mu `Sequence`, kudula pa wachiwiri kukutanthauza kuti wachitatu sadzafikidwa. Aphatikizeni, kapena nthambi ya nkhondo izionetsetsa yokha poyamba kuti lupanga lili m'manja. Ine ndimakonda yachiwiriyi, nthambi iliyonse isamakhulupirire imene yaitsogolera.

Poyesa, musadikire kuti zichitike zokha. Pangani batani loti mukadina likweze moyo kapena libweretse mdani, ndiye dulani tasiki iliyonse poyambira, pakati ndi chakumapeto, n'kuyang'ana bolodi. Ndipo zina sizoti zidulidwe n'komwe, monga kukwera khoma kapena kudzutsa wosewera amene wagwa. Zimenezo musaziike `Self`, ndipo nthambi za pamwamba pake zikhale ndi chiletso chozilemekeza.

## Operekeza awiri akubera maganizo a wina ndi mnzake

Mmodzi amayenda bwino, mukaika wachiwiri zasokonekera. Nthawi zambiri ndi tasiki ya `C++` imene ikusunga zinthu mu variyebo ya kalasi. Manodi amenewa amagawanidwa ndi onse amene akugwiritsa mtengo umodzi, ndiye wotchi ya uyu ikulemba pamwamba pa ya uyo. Sungani mu `NodeMemory` kapena pa bolodi, apo ayi ikani `bCreateNodeInstance = true`. Chachiwiri ndi kiyi ya pa bolodi imene yachongedwa `Instance Synced` mwangozi. Chachitatu si bagi ya mtengo ayi: onse awiri akuthamangira botolo limodzi chifukwa palibe wanena kuti ili ndatenga ine. Chinthucho chikhale ndi mwini wongogwirizira, ndipo akadulidwa achimasule, nkhani yomwe ija.

## Mtengo wadzaza timabuliyani, `AliPaHatchi`, `Wagwa`, `Akudikira`

Ngati nthambi iliyonse ili ndi madekoleta anayi onena kuti sali pa hatchi, sanagwe, sanauzidwe kudikira, mwabisa siteti mashini mkati mwa mtengo, ndipo yobisikayo ndi yoipa kuposa yoonekera chifukwa palibe chikuletsa kuti `Wagwa` ndi `AliPaHatchi` ziyake limodzi.

Zinthu ngati zimenezi si zosankha, ndi mmene munthuyo alili: woyenda pansi, wokwera hatchi, wakugwa, wodikira pamene anauzidwa, kapena ali mu kakanema ka nkhani. Zili zochepa, zimasintha ndi chochitika chodziwika, ndipo amakhala mu chimodzi chokha. Pamenepa siteti mashini ndiye kwawo. Masiteti 5, mivi yowerengeka pa zala, ndipo iliyonse ili ndi kamtengo kake. Mophweka, ikani kiyi imodzi ya `Enum` pa bolodi m'malo mwa mabuliyani asanu, `Selector` wapamwamba azisankha potengera iyo, mitengo ing'onoing'ono iziitanidwa ndi `Run Behavior`. `Unreal Engine 5` ilinso ndi `StateTree` imene imasakaniza ziwirizi, koma musasamukirenso kumeneko pulojekiti ili pakati chifukwa choti yatchuka.

Pali chinanso chimene mtengo sutha. Dongosolo lake ndi lokhazikika, 1 amaposa 2 nthawi zonse. Ngati yankho lenileni ndi loti zimatengera, kuchiza kumaposa kumenya kupatula ngati mdani watsala pang'ono kufa ndipo wosewera ali kutali, muyamba kukopera nthambi imodzi malo atatu. Mukafika apo, chisankho chimenecho chichotseni mu mtengo: `Service` ipatse chochita chilichonse mapointsi, ilembe chopambana pa bolodi, mtengo uzingochita.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Gemu ikugwa ndipo uthenga wake ukuloza mkati mwa khodi ya injini, osati yanu. Nthawi zina ndi `NodeMemory` yowerengedwa molakwika kukula kwake, ndipo kuyesayesa mwachimbulimbuli kumangosuntha pogwera.
- Ndi gemu ya anthu ambiri pa netiweki ndipo woperekeza akuoneka bwino kwa mmodzi, kwa ena akudumphadumpha. `AIController` imakhala pa seva pokha, ndiye vuto lili pa zimene zikutumizidwa kwa enawo, osati pa mtengo.
- Mwayamba kuganiza zosintha khodi ya injini kuti kudula kuziyenda mwanjira yanu.
- Bagi imabwera kamodzi pa maola angapo ndipo simutha kuibwereza. Yatsani `Visual Logger`, jambulani mpaka ichitike, mumpatse wodziwayo failoyo.
- Gemu yatsala masabata ochepa kutuluka ndipo mukadali pa siteti mashini ya masiteti 15. Musasamuke panokha nthawi imeneyi. Wodziwa akhoza kukuthandizani kuika masiteti a nkhondo pansi pa siteti imodzi yaikulu kuti muvi wa mdani waoneka ukhale umodzi, ntchito yochepa kwambiri poyerekeza ndi kulembanso zonse.

Mukamapita kwa iye tengani chithunzi cha mtengo chooneka manambala, mndandanda wa makiyi a pa bolodi ndi amene amalemba pa kiyi iliyonse, komanso masitepe obweretsera vutolo. Mndandanda wa makiyiwo ulembeni pamanja, kiyi iliyonse imene ikulembedwa ndi malo oposa amodzi muiike chizindikiro, ayambira pamenepo.